Anthu 27 andiuza kuti azigula lanchi yanga, ndani angandilembere pulani?

Tiyamike wa ku 25: Mwadzuka bwanji nonse. Ndikufuna thandizo. Ndikufuna kuyamba kuphika lanchi kunyumba kuno ku Area 25 nkumakapereka mmaofesi ndi mmakampani ku Kanengo, mpunga wa nkhuku kapena nsima, mmakontena abwinobwino, mbale imodzi K5,000. Ndafunsa anthu 30 ndipo 27 anena kuti azigula. Ndiye ndikufuna ndikapemphe loni ya K3 miliyoni ndigule filiji, mapoto akuluakulu ndi mbaula ya gasi, chatsala ndi pulani basi. Alipo muno amene amalemba?

Madalitso: Asisi ndipezeni kumbali, ndimalemba mapulani, masiku awiri yatha, ndi ma tebulo omwe a zaka zitatu.

Bambo Gondwe: A Madalitso dikirani kaye. Mayi Tiyamike, anthu 30 amenewo ndi ndani, ndipo munawafunsa kuti chani kwenikweni? Mawu ake enieniwo.

Tiyamike wa ku 25: Ena ndi akutchalitchi, ena ndi anzawo a bambo a kunyumba amene amagwira ntchito konko ku Kanengo, ena aneba. Ndimangowafunsa kuti ndikayamba kuphika lanchi yaukhondo muzigula? Onse amati eee bwanji osagula, zakudya zanu timazidziwa.

Bambo Gondwe: Ndiye mwapeza umboni woti anthu amakukondani, umenewo ulipo ndithu. Koma woti azitulutsa K5,000 tsiku ndi tsiku palibe. Mmalawi mwamufunsa pamaso, mayi wa kutchalitchi kwake, akuuzeni kuti ayi sindigula? Atatu anakanawo ndi amene ine ndikadakonda kucheza nawo. Ine ndinayendetsapo kantini zaka zisanu ndi chimodzi ndipo tsiku lotsegula anthu amene analonjeza anabwera awiri okha, mmodzi anadya pangongole.

Anaphiri: kkkkk pangongole tsiku loyamba

Chikondi (Joni): Vuto ndi loti 30 ndi ochepa. Pangani mafunso pa Google Forms mutumize mmagulupu, mupeze anthu 200 kapena 300, pamenepo ndiye mwapeza manambala oika mu pulani. Kuno ku Joni ndi mmene amapangira.

Bambo Gondwe: Achimwene Chikondi mwalondola theka, abale ndi anansi okha sakwanira. Koma funso likakhala lomwelo loti "mungagule?" anthu 300 akunamizani mofanana ndi 30 aja, kungoti pano bodzalo likhala ndi ma peresenti. Komanso amene ayankhe fomu ndi amene ali ndi bando, mwina ali ku Zomba, sanafikeko nkomwe ku Kanengo. Bola anthu 12 kapena 15 enieni, amene pa 12 koloko amakhala ali ku Kanengo ndi njala.

Ndipo musawafunse za mawa. Afunseni za dzulo. Dzulo masana munadya chani, munagula kuti, munalipira zingati, munalipira pompo kapena munalembetsa mkabuku, munatenga nthawi yaitali bwanji kuchoka pa ntchito mpaka kubwerera. Kenako, sabata yathayi ndi masiku angati amene munagula chakudya. Munthu za dzulo sanganame kwambiri chifukwa zinachitika kale, pomwe za mawa aliyense ndi bwana. Za bizinesi yanuyo musatchule mpaka kumapeto, kapena osatchula nkomwe, chifukwa mukangonena kuti ndikufuna kuyamba zakuti munthu amasiya kukuuzani zoona amayamba kukulimbikitsani.

Tiyamike wa ku 25: Koma bambo ndikangofika kwa munthu wosamudziwa nkumufunsa anadya chani dzulo sandiona ngati wamisala?

Anaphiri: Pitani pa chiimilire nthawi ya lanchi mugule mbale yanu mukhale nawo pa benchi, nkhani zimayamba zokha. Mukangoti "koma ndiwo zakwera" basi aliyense ayamba kudandaula ndipo mumva zonse. Ine za saluni yanga ndinafufuza choncho, ndimakapangitsa tsitsi kwa ena nkumamvetsera zimene azimayi akudandaula.

Yamikani: Ine ndikuchenjezeni, mukamayenda nkumafunsafunsa anthu akuberani nzeruyo. Mawa mupeza wina wayamba.

Anaphiri: Nzeru yophika nsima abe ndani a Yamikani, ku Kanengo ophika ali mbwee kale

Yamikani: Si za nsimayo, ndi zokaperekera mmaofesizo. Ine mnzanga anandibera ya ma juzi a kaunjika ndikuona chonchi.

Mayi a Tadala: Ndiloleni ndinene zanga. Ine mu 2023 ndinalipira munthu anandilembera pulani ya chiponde yokongola, masamba 24, ndinatenga ndalama ku banki mkhonde ndi zina kwa mlamu wanga nkugula makina ogayira mtedza. Mu pulanimo munalembedwa kuti ndizigulitsa mabotolo 400 pamwezi, nambala imeneyo anangoitenga mmutu wolembayo ine nkuvomera. Mwezi woyamba ndinagulitsa 38. Ma shopu amandifunsa chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, chomwe ndinalibe ndipo palibe anandiuza, ndikadangolowa mma shopu atatu nkufunsa ndisanagule makina ndikadadziwa tsiku limodzi. Kenako mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo yonse ya mu pulani ija ya mabotolo ndi zomata inasanduka nthano. Makinawo ali kuseri kwa chitseko, ndafunditsa chitenje.

Madalitso: Koma pulani si yolakwa pamenepo mayi, wolemba amalemba zimene mwamupatsa. Ndipo obwereketsa ndalama sakupatsani popanda pulani, zimenezo tisanamizane.

Bambo Gondwe: Palibe wakana pulani a Madalitso. Tikukangana za manambala olowa mmenemo, achokere mmutu kapena mkabuku ka zogulitsa. Mayi Tiyamike pitani kaye mukacheze ndi anthu, muzilemba mukangosiyana naye munthuyo musanaiwale, mawu ake enieni osati maganizo anu.

Tiyamike wa ku 25: Ndabweranso abale, papita sabata ndi masiku awiri. Ndacheza ndi anthu 14, palibe wakutchalitchi olo mmodzi. Mutu wanga wazungulira. Anthu 6 amanyamula chakudya kunyumba, ambiri azimayi, ena mkute weniweni mkabakuli. Anthu 5 amadya pa chiimilire ndipo amalipira pakati pa K2,500 ndi K3,000, atatu mwa iwo amalembetsa mkabuku nkulipira kumapeto kwa mwezi. Otsala atatuwo amangogula chipisi kapena mandasi, wina anati masiku ena amangomwa madzi mpaka aweruke. Amene anawonongapo K5,000 pa lanchi sabata imeneyo ndi mmodzi yekha ndipo linali tsiku la malipiro.

Zaukhondo zimene ine ndimaona ngati ndiye nkhani yaikulu anatchula awiri okha. Chimene amadandaula kwambiri ndi nthawi, akuti ukafika mochedwa pang'ono upeza mzere ndipo ndiwo zabwino zatha kwatsala nyemba, ndiye ola la lanchi limathera panjira ndi pamzere. Mtsikana wina wa mu ofesi ya nyumba yosungira katundu anati iye sangachoke pa desiki chifukwa malole amafika nthawi iliyonse, amatuma mlonda.

Bambo Gondwe: Eya, apa ndiye mwagwira ntchito. Onani, K5,000 ija yafa musanagule poto ngakhale mmodzi. Ndipo mtsikana wotuma mlondayo mugwireni bwino, munthu amene akuvutika kale mpaka kupeza njira yakeyake ndi amene amagula. Amene amanyamula mkute musawawerengere, mpikisano wanu kwa iwo ndi chakudya chaulere.

Tsopano kuyesa. Masiku 10 ogwira ntchito, mapoto omwe muli nawo, mbaula yomweyo ya makala, osagula chilichonse chachikulu. Mbale zisapitirire 15 patsiku. Mtengo ukhale weniweni umene mudzagulitsire, ndipo munthu alipire isanakwane 9 koloko mmawa pa Airtel Money kapena Mpamba, amene sanalipire simumuphikira. Chinthu china chimene anthu amadumpha: lembani lero lomwe, musanayambe, nambala imene ikakwana muti zatheka. Mukadikira mpaka kumapeto mtima udzakunamizani, mbale 5 mudzati ndi chiyambi chabwino.

Chikondi (Joni): Ine ndikuona ngati sabata yoyamba apange theka la mtengo kapena tsiku loyamba laulere kuti anthu alawe. Akope makasitomala kaye.

Anaphiri: Zaulere aliyense amadya achimwene, ngakhale amene wanyamula mkute. Ndiye aphunzirapo chani?

Chikondi (Joni): Aphunzira ngati chakudyacho chikukoma. Munthu sangalipiriretu chinthu chimene sanachionepo, makamaka kwa mayi amene sakumudziwa, mbava za pa foni zachuluka.

Bambo Gondwe: Apa Chikondi ali ndi mfundo pa nkhani ya kukhulupirirana. Tsiku loyamba apite yekha ndi chakudyacho, anthu amuone nkhope, alipire polandira. Kuyambira tsiku lachiwiri alipiriretu. Koma mtengo usatsike, mukayamba ndi K2,000 tsiku lokweza adzathawa onse ndipo simudzadziwa ngati athawa mtengo kapena chakudya.

Tiyamike wa ku 25: Chabwino ndawerengera. Mbale ndiika K3,500, nsima kapena mpunga, nyama kapena nkhuku ndi masamba. Zophikira zimakwana K1,900 pa mbale ndikagula pa Nsungwi, kontena K250, makala ngati K200, zonse K2,350. Ndiye pa mbale pakutsala K1,150. Wa kabaza wa njinga yamoto tagwirizana K4,000 patsiku. Nambala yanga ndalemba pa kalendala kukhitchini: sabata yachiwiri ndizigulitsa mbale 12 patsiku, ndipo theka la ogula agule kanayi kapena kuposa.

Madalitso: Ndiye mbale zinayi zoyamba tsiku lililonse mukuphikira wa kabaza.

Tiyamike wa ku 25: Eee ndaona, zandiwawa kkk

Yamikani: Nanga a khonsolo? Zakudya zimafuna chiphaso ndi kuyezetsa kuchipatala, musadzagwidwe.

Bambo Gondwe: Zoona zimenezo, ndipo si zodikira pulani. Pitani ku khonsolo ya mzinda mukafunse zimene amafuna kwa munthu wophikira anthu ndi mtengo wake, muyezetse, ndalama imeneyo ilowenso mkabuku. Mukadzafuna kupereka chakudya ku kampani mwa pangano chinthu choyamba kukufunsani ndi mapepala amenewo.

Tiyamike wa ku 25: Abale masiku 10 aja atha Lachisanu. Ndilemba zonse mmene zilili musandiseke. Sabata yoyamba: 15, 15, 14, 12, 11, zonse 67. Ndinasangalala mpaka ndinayamba kufunsa mitengo ya filiji. Sabata yachiwiri: 9, 7, 8, 6, 6, zonse 36. Pamodzi mbale 103, ndalama yake K360,500. Zophikira, makontena ndi makala K242,050, kabaza K40,000, kutsala K78,450. Koma mmenemo muli K10,500 ya mbale zitatu zimene ndinapereka pangongole kwa bambo wina anandichonderera, mpaka lero foni sakuyankha, ndiye mmanja ndili ndi K67,950 osachotsa yodula potapa ndalama kwa ejenti. Ogula onse anali 26, amene anagula kanayi kapena kuposa ndi 9. Nambala ya pa kalendala ija sinakwane, zonse ziwiri.

Anaphiri: Koma simunaluze asisi, mwapeza phindu ndithu

Madalitso: Pa avereji ndi mbale 10 patsiku, imeneyo ndi nambala yabwino yoika mu pulani, kenako timakweza ndi 10 peresenti mwezi uliwonse.

Bambo Gondwe: Iyayi a Madalitso, avereji imeneyo ikubisa nkhani yonse. Manambala akutsika tsiku ndi tsiku, yoona ndi ya kumapetoko. Tengani sabata yachiwiri yokha: mbale 36 kuchulukitsa K1,150 ndi K41,400, kuchotsa kabaza K20,000 kutsala K21,400, patsiku K4,280. Mayiwa akudzuka mmamawa kupita kumsika, kuphika mpaka 11 koloko, kutsuka mapoto masana, malipiro awo sitinawerengere. Ndiye pa K4,280 patsiku muchotsenso kubweza loni ya K3 miliyoni? Anaphiri, phindu lilipo koma ndi la ganyu.

Mayi Tiyamike ndifunse, munayamba pa deti yanji? Ndipo mwa 26 aja anzawo a bambo ndi angati?

Tiyamike wa ku 25: Ndinayamba pa 27. Anzawo a bambo anali 7, onse anagula sabata yoyamba, yachiwiri anatsala mmodzi.

Bambo Gondwe: Ndiye pali zinthu zitatu zosakanikirana ndipo manambala okha sangazilekanitse. Mwina anthu ndalama za malipiro zinawathera, mwina aulemu aja anamaliza ulemu wawo, mwina chakudyacho chili ndi vuto limene sakukuuzani. Njira yodziwira ndi imodzi, bwererani kwa amene anasiya. Osati kuwafunsa kuti bwanji munasiya kundigula, achita manyazi. Afunseni kuti Lachitatu munadya kuti, nanga chinakupangitsani kupita kumeneko ndi chani.

Mayi a Tadala: Komanso musaiwale kuti panopa msika wa fodya ndi wotsegula, ku Kanengo kuli anthu ambiri ndi ndalama zikuyenda. Ukatsekedwa aganyu ambiri amapita kwawo. Mlamu wanga amagulitsa zitumbuwa konko amati miyezi ya mvula kumakhala zii.

Bambo Gondwe: Mfundo yaikulu imeneyo ndipo ine ndinaiphonya. Masiku 10 sangakuuzeni za Januwale. Chomwe angachite ndi kuona mwa okhazikika 9 aja kuti ndi angati ali pa ntchito ya chaka chonse.

Tiyamike wa ku 25: Ndawapeza 8 mwa amene anasiya, ena pa foni ena ndinapita. Asanu anena mosabisa kuti ndalama zinatha ndipo anabwerera kwa mayi wa pa chiimilire chifukwa amawalemba mkabuku. Awiri akuti nsima imafika itapola, yolimba pamwamba, ndipo ndi zoona chifukwa wa kabaza amazungulira malo anayi, womaliza amalandira cha mma 12:40, tsiku lina supu anatayikira mu jumbo yonse. Mmodzi anangoti ndiwo zimachepa. Palibe anandiuzapo zimenezi nthawi yonse ija, ndikafunsa pa WhatsApp amangoti zinali bho mayi.

Koma china ndi ichi. Mwa 9 okhazikika aja, 6 ndi a malo amodzi, ofesi ya mtsikana wotuma mlonda uja, ndipo onse ndi olembedwa ntchito ya chaka chonse. Iwowo chakudya amalandira koyambirira chikadali chotentha.

Chikondi (Joni): Ndiye yankho ndi losavuta, yambani kabuku nanunso. Msika wake ndi wotero, amene akukupambanani akupambana ndi ngongole.

Anaphiri: Ayi ayi ayi. Mayi wa pa chiimilire amawaona anthuwo tsiku lililonse, amadziwa geti imene amatulukira, pa 28 amakaima pompo. Tiyamike ali ku 25, akamutsekera foni atani? Waluza kale K10,500 kwa munthu mmodzi.

Chikondi (Joni): Nanga asiye makasitomala asanu apite chifukwa cha munthu mmodzi wosakhulupirika? Apereke kwa okhawo amene agula kale kasanu.

Yamikani: Kapena agwirizane ndi akawuntanti wa pa kampanipo azidula ku malipiro.

Bambo Gondwe: Za ngongole ine ndi Chikondi sitigwirizana, kantini yanga inadyedwa ndi kabuku, koma sindinganene kuti sizingatheke, ena zimawayendera. Kungoti mpamba wa mayiwa ndi wochepa, anthu 10 akadya milungu iwiri osalipira ndi mbale 100, ndalama yophikira yokha K235,000 ili mmimba mwa anthu. Ine ndikadayesa mbali inayo: pa tsiku la malipiro munthu alipiriretu mbale 10 pamtengo wotsikirako pang'ono, adye tsiku limene akufuna. Ndi kabuku komweko koma kotembenuza. Akavomera anthu asanu okha mwadziwa zambiri kuposa mafunso onse aja.

Koma musasinthe zinthu zisanu nthawi imodzi, simudzadziwa chimene chagwira. Ulendo wachiwiriwu muyambe pakati pa mwezi dala, nthawi yowawitsa, malo awiri okha oyandikana kuti nsima ifike yotentha, ndipo muonjezere mbale yotchipa.

Tiyamike wa ku 25: Ndimaganiza zomwezo, ya K2,500 ya nyemba kapena usipa kapena soya. Ndawerengera imandidyera K1,600 ndi kontena yomwe, kutsala K900. Ndipo mtsikana uja wati azisonkhanitsa maoda a mu ofesi mwawo ndi a kampani yoyandikana nayo, ine ndizimupatsa mbale yake ulere akakwanitsa 10. Zolipiriratu mbale 10 ndidzayesa kumapeto kwa mwezi pakakhala ndalama. Filiji ndayamba ndaiwala kaye, zimene zikufunika panopa ndi kabokosi kosunga kutentha ndi makontena otseka bwino.

Madalitso: Ndiye pulani ija tilemba liti asisi kkk

Tiyamike wa ku 25: Mudikire achimwene, mwina idzakhala ya K400,000 osati 3 miliyoni, mwinanso ndingotenga ku banki mkhonde. Bambo Gondwe nambala ya pa kalendala ulendo uno ndiike zingati? Ndikuganiza mbale 10 patsiku pakati pa mwezi.

Bambo Gondwe: Muwerengere chobwerera mmbuyo. Mukufuna kutsala ndi zingati patsiku kuti ntchitoyi ikhale yoyenera kudzukira? Mukati K8,000, onjezani kabaza K4,000 ndi mbale yaulere ya mtsikanayo K1,600, zonse K13,600. Ngati theka agula yotchipa theka yodula, pa mbale mukupeza pafupifupi K1,000, ndiye mukufunika 14, osati 10.

Tiyamike wa ku 25: Mmm mbale 14 pakati pa mwezi. Chabwino ndalemba 14. Wa kabaza ndikamuuze kuti malo ndi awiri okha tsopano mwina atsitsako, ndiyamba Lolemba.

Anaphiri: Mumuuze asamapachike jumbo pa chiwongolero, supu uja anatayikira pamenepo